"Thandizeni" basi, kenako zii: muyankhe bwanji?

Funso: Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg ndipo ndimagona konko. Mng'ono wanga amakhala ku Diepsloot ndi mwamuna wake ndi kamwana kawo. Lachisanu lapitali, cha m'ma 11 koloko usiku, ananditumizira liwu limodzi pa WhatsApp: "Thandizeni". Ndinaimba kanayi osayankha, kenako foni inazima. Sindinagone. Kutacha anangolemba kuti "zatha, musadandaule". Mwezi wathanso msuweni wanga wa ku Mangochi analemba kuti "Mwachangu", ine thupi lonse kunjenjemera, koma inali nkhani ya ndalama ya feteleza. Ndingadziwe bwanji uthenga wofunika kuuthamangira, nanga ndiziyankha chiyani? — Mayi wa ku Randburg

Yankho: Achemwali, pa liwu lokhalo simungadziwe, ndipo musadzivutitse n'kuliyang'anitsitsa ngati liulula kanthu. Ntchito yanga ndi yolandira mauthenga a ngozi usiku ku kampani ina ya zachitetezo kuno ku Joni. Nthawi zambiri chimene chimandifika si liwu n'komwe, ndi batani limene munthu wadina. Mwina wakuba walowa, mwina kamwana kakuseweretsa. Sitikhala pansi n'kumalosera. Timachita tinthu tochepa, mwandondomeko, toti nkhaniyo idziulule yokha m'mphindi zowerengeka popanda kuika wodinayo pamoto. Inunso mungachite chimodzimodzi ndi foni yanu.

Kumudzi mfuu ikamveka usiku mumadziwa mbali imene yachokera, mumazindikira mawu a wokuwayo, mumamvanso ngati ndi moto kapena maliro. Foni imachotsa zonsezo n'kukusiyirani zilembo. Ndiye choyamba n'kubwezeretsa zimene yachotsazo, ndipo zambiri zili kale m'manja mwanu. Kwezani mauthenga akale a munthuyo muone mmene amalembera masiku onse. Ngati mng'ono wanu amayamba ndi "mwaswera bwanji achemwali", n'kufunsa za kuntchito, n'kutumiza uthenga wamawu wa mphindi zitatu, ndiye tsiku limene walumpha moni n'kulemba liwu limodzi, kulumphako ndiye uthenga weniweni. Ife Amalawi sitilumpha moni kwa mkulu wathu popanda chifukwa. Koma munthu amene chilichonse kwa iye ndi "mwachangu", mayunitsi mwachangu, chithunzi cha mwana mwachangu, liwulo kwa iyeyo lapepuka. Muyankhebe, koma mtima ukhale m'malo.

Onaninso nthawi. Koloko ya ku Malawi ndi ya kuno ndi imodzi, palibe kusiyana ngakhale kwa ola limodzi. Uthenga wochokera ku Mangochi wofika 2 koloko usiku ndiye kuti wolembayo ali maso 2 koloko usiku, pamene anthu kumudzi amagona msanga. Umenewo ndi wolemera kuposa wofika masana. Wa mng'ono wanuyo unafika Lachisanu usiku, nthawi imene anthu alandira ndalama za pa sabata ndipo mowa wayenda m'makomboni. Usiku wa Lachisanu ndi Loweruka, makamaka kumapeto a mwezi, ndi umene sitipuma kuntchito kwathu.

Munthu amalemba liwu limodzi pa zifukwa zochepa. Alibe nthawi. Kapena sangathe kuyankhula chifukwa wina ali pafupi. Kapena akuchita manyazi, akuyesa kaye ngati muyankha asanaulule. Kapena bandulo ndi batire zili pafupi kutha. Kapenanso foniyo ili m'manja mwa munthu wina. Simukudziwa kuti ndi chiti, choncho yankho lanu loyamba liyenera kukhala loti likagwera pa chilichonse mwa zimenezi lisawononge.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, pa nkhani yoimba kapena kulemba. Munaimba kanayi, ndipo aliyense wokonda m'bale wake akanachita zomwezo. Kwa anthu ambiri kuimba n'kolondola: bambo okalamba odwala shuga, mnyamata woyendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya, m'bale amene ali pa basi pakati pa Beitbridge ndi Park Station, amenewo imbani nthawi yomweyo, chifukwa mawu amakuuzani m'masekondi khumi zimene mauthenga sangakuuzeni m'mphindi khumi. Koma pali anthu amene foni ikalira imawaulula. Mkazi amene wadzitsekera m'bafa kapena wabisa foni m'bulangete mwamuna akukalipa, munthu amene wabisala akuba ali m'nyumba, munthu amene wakwera galimoto yolakwika. Foni ikalira, dzina lanu n'kuonekera, mwamuna uja amadziwa kuti mkazi wake wauza akwawo. Chotsatira chake n'kulanda foni n'kuizimitsa. Sindikunena kuti n'zimene zinachitika ku Diepsloot usiku umenewo, batire limathanso, makamaka kumalo kumene magetsi amavuta. Ndikungonena kuti munthu wokhala ndi mwamuna m'chipinda chimodzi akalemba liwu limodzi pakati pa usiku m'malo moimba, muyambe mwaganiza kuti pali chomuletsa kuyankhula.

Ndiye lembani kaye, ndipo mulembe msanga, mphindi isanathe. Mawu ake akhale onga awa: "Ndaona. Ndiimbe? Lemba 1 ngati ee, 2 ngati ayi."

Kauthenga kameneka kamagwira ntchito zingapo. "Ndaona" amamuuza kuti sali yekha, asataye nthawi kufunafuna wina. Funsolo limayankhika ndi chala chimodzi, mumdima, dzanja likunjenjemera. Ndipo wina akaliwerenga pamwamba pa foni, palibe chimene chikumuneneza. Yerekezani ndi zimene ambirife timalemba: "Chavuta n'chiyani?" Limeneli likufuna nkhani yonse kwa munthu amene wakwanitsa liwu limodzi lokha. Loipa kwambiri ndi lotchula munthu, longa "wakumenyanso eti?" Kumbukirani kuti mafoni ambiri amaonetsa chiyambi cha uthenga ngakhale ali okiya. Uthenga wamawu musatumize, sangaumvere mwakachetechete. Musatumizenso mauthenga khumi otsatizana, foni ingamangolira ting'ting'ting'.

Akayankha 1, imbani, ndipo funso loyamba likhale "uli kuti?", osati "chachitika n'chiyani?" Foni ikadukira pakati, malo ndi amene mungagwiritse ntchito, nkhani mudzaimva mawa. Akayankha 2, pitirizani ndi mafunso a ee kapena ayi, limodzilimodzi, kudikira yankho lisanapite lina. Uli kunyumba? Wavulala? Mwana ali nawe? Nditumize munthu? Ndiitane apolisi? Ngati sali kunyumba, muuzeni atumize malo amene ali: pa WhatsApp adine kachizindikiro kotumizira zithunzi ndi mafayilo, osati ka kamera, asankhe Location, kenako Share live location. Pamabwera 15 minutes, 1 hour ndi 8 hours. Asankhe 8 hours, kuti ngati akumuyendetsa pa galimoto muziona kumene akulowera malinga foni ikadali yoyaka ndipo bandulo ilipo.

Nanga akakhala chete? Apa timawerenga tizizindikiro tochonga tija tili pansi pa uthenga wanu. Kamodzi kotuwa ndiye kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike: foni yazima, bandulo yatha kapena netiweki palibe. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika mufoni koma sunatsegulidwe. Tiwiri tabuluu, wina watsegula, koma sitikuuzani kuti ndani. Dziwaninso kuti ena anazimitsa tabuluuto, ndiye onani mauthenga akale ngati timasanduka buluu kwa munthu ameneyo. Pakakhala kamodzi kokha, WhatsApp yafa, musalimbane nayo. Tumizani uthenga wamba wa SMS, umene sufuna bandulo. Mungamugulirenso mayunitsi a R10 kapena R20 kuchokera pa foni yanu, chifukwa nthawi zina chete yense uja ndi umphawi chabe. Munthu amene alibe kalikonse mufoni amathanso kutumiza Please Call Me, pa Vodacom ndi `*140*` kutsatiza nambala ndi `#`. Kauthenga kameneko kakafika usiku kuchokera kwa munthu amene satumiza wamba, kawerengeni ngati "thandizeni".

Kuntchito kwathu chete si nkhani yabwino ayi. Batani likadinidwa, ife n'kufunsa, osayankhidwa, timatumiza galimoto. Inu dziikireni malire a mphindi zisanu. Zikatha popanda yankho, siyani kulimbana ndi foni yake, funani munthu amene ali ndi maso pafupi naye.

Tiyeni tiuyendenso usiku wanu uja mmene ukanayendera. 11 koloko uthenga wafika, inu mwalemba funso lija. Tizizindikiro tiwiri totuwa, yankho palibe. Pakatha mphindi ziwiri mwatumiza SMS ya mawu omwewo. Mphindi zisanu zakwana, zii. Tsopano mukuimbira mayi woyandikana naye nyumba, kapena mwini malo amene amachita lendi, kapena mayi wa kumpingo wokhala mzere womwewo. Simukumuuza kuti akalowerere ndewu. Mukumupempha kuti atuluke panja amvetsere, akuuzeni ngati kukumveka kukuwa, ngati nyali ikuyaka, ngati chitseko chili chotseka. Ngati akuona kuti n'kotheka, agogode ali ndi mnzake, ndi chifukwa china chake, monga kubwereka machesi kapena tchaja. Kugogoda kokhako nthawi zambiri kumadula mkwiyo, chifukwa womenya amadziwa kuti anthu amva. Akakuuzani kuti kukumveka kulira kapena zinthu zikusweka, kapena munthu wotero mulibe n'komwe ndipo mukudziwa kuti m'nyumbamo munachitikapo nkhanza, imbani 10111, nambala ya apolisi. Ngati pali wovulala, 10177 ndi ya ambulasi. Pa foni ya m'manja 112 imalowa ngakhale mulibe mayunitsi.

Mudzaona kuti zonsezi zaima pa zinthu ziwiri zimene mwina mulibe: nambala ya woyandikana naye, ndi malo enieni a nyumba. Kunena kuti "ku Diepsloot" sikuthandiza aliyense, ndi dera lalikulu la maekisitenshoni ambiri, ndipo zipinda zakuseri ndi mikhukhu zilibe manambala ooneka usiku. Wolandira foni amafuna ekisitenshoni, nambala ya puloti ngati ilipo, ndi chizindikiro chimene dalaivala angachione: sukulu, tchalitchi, sitolo, mtundu wa geti. Anthu ambiri amene ndimayankhula nawo amadziwa njira ya kwa m'bale wawo ndi miyendo, amadziwa potsikira tekisi ndi pokhotera, koma kuifotokoza pafoni amalephera. Zilembeni masana, muzisunge pansi pa dzina lake mufoni. Poimba nenani malo kaye, kenako chimene mukudziwa, osawonjezera: mng'ono wanga wapempha thandizo nthawi yakuti, sakuyankha, m'nyumbamo muli mwana, oyandikana nawo akumva kukuwa. Ngati mukudziwa kuti pali mpeni kapena mfuti, nenani. Chingerezi chanu chothyokathyoka kapena Chizulu cha m'tekisi n'chokwanira. Pemphani nambala ya dandaulo lanu, kuti akachedwa muimbenso osayambiranso nkhani.

Inu eni musadzuke usiku umenewo kuti mupite nokha. Kuchoka ku Randburg kukafika ku Diepsloot pakati pa usiku, matekisi atasiya kuyenda, mayi yekha, ndiye kuti anthu ofunika thandizo akhala awiri. Ntchito yanu usiku wotero ndi kukhala pa foni, batire lili lodzaza, laini ili yotsegula. N'chifukwa chakenso musathamangire kuponya nkhaniyi pa gulu la WhatsApp la kumudzi kapena la mpingo. Anthu makumi atatu ayamba kumuimbira nthawi imodzi, amayi kumudzi akomoka, ndipo mawa mng'ono wanu adzakhala nkhani ya aliyense. Uzani munthu mmodzi kapena awiri amene angachite kanthu.

Ndikudziwa chimene chimagwira dzanja la ambirife tikafuna kuimbira apolisi: mapepala. Sindikunamizani kuti mantha amenewo ndi opanda pake. Koma dziwani zimene lamulo limanena. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha kuchipatala pa ngozi, ndipo sanena kuti nzika zokha. Munthu akasowa, palibe lamulo loti mudikire maola 24 musanakanene kupolisi, mumapita nthawi yomweyo ndi chithunzi chake. Ndipo ngati liwu limodzi lija linali la munthu amene akukwezedwa m'galimoto ya apolisi, chimene chimachitikadi kwa abale athu, ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene makhoti satsegula. Mumayamba kufunsa kupolisi ya dera limene anamugwira, ndi dzina lolembedwa monga lilili m'pasipoti. Ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, nthawi zambiri munthu safikako usiku womwewo.

Tibwere kwa msuweni. Iyeyo sanalakwe kwenikweni, feteleza kwa mlimi mvula ikayandikira ndi nkhani yachangu ndithu. Koma uthenga ngati wakewo ndi umene akuba amabisalamo, ndiye pamafunika lamulo lina: kuyankha kufulumire, ndalama ichedwe. Kuyankha sikukudyerani kanthu. Ndalama ikapita pa Mukuru, pa Airtel Money, pa Mpamba kapena pa eWallet, wina n'kuitapa, kubwerera n'kovuta.

Nkhani ina inachitikira bambo wina wa kumpingo kwathu, wosoka zovala ku Turffontein. Masana ena analandira uthenga kuchokera pa nambala yeniyeni ya mng'ono wake wogwira ntchito ya m'dimba ku Midrand, chithunzi chake chomwe, liwu limodzi: "Achimwene". Anayankha kuti "ee, ndakumva". Kunabwera lina: "Mwachangu". Anaimba pa WhatsApp, foni inadulidwa, n'kubwera uthenga woti sangathe kuyankhula, ali pamavuto, atumize R1 500 pa nambala ina yake. Taonani mmene zinayendera. Liwu loyamba linali lakuyesa ngati kuli munthu. Lachiwiri linali lokweza mtima. Pofika pa ndalama, bamboyo anali atadzilembera yekha nkhani m'mutu, ya apolisi, ya chipatala, ndipo wakubayo sanafunike kunama zambiri. Chinawapulumutsa n'chakuti anaimba pa laini wamba, osati pa WhatsApp. Mng'ono wawo anayankha ali phee, makina otchetchera kapinga akulira kumbuyo. M'mawa wa tsikulo munthu wina anamunyengerera kuti amuwerengere nambala ya madijiti 6 imene inabwera pa SMS, ati inalakwika njira. Nambala imeneyo ndi imene WhatsApp imatumiza munthu akamalowetsa akaunti pa foni yatsopano. Atangoipereka, akaunti inasamukira kwa wakuba, koma simu inatsala mufoni mwake, n'chifukwa chake laini wamba inamupeza.

Kuchokera pamenepo mungatole zizindikiro. Munthu akukana kuyankhula koma akulemba mizere yaitali ya ndalama. Woti ali pangozi yeniyeni amalemba pang'ono ndipo amafuna kuti mubwere kapena mutumize munthu. Ndalama ikupemphedwa kupita pa dzina kapena nambala yachilendo. Chichewa chasintha, kapena munthu wolemba Chichewa ndi Chiyao masiku onse wayamba Chingerezi chokhachokha. Akukuletsani kuuza wina aliyense. Mukaona chimodzi mwa izi, mupezeni munthuyo kudzera khomo lina: laini wamba, mkazi wake, mnzake wa kuntchito. Ngati zonse zalephera, funsani funso limene mlendo sangalidziwe ndipo silipezeka m'mauthenga akale kapena pa Facebook, monga dzina la galu wa agogo kapena amene anaphika nsima pa chinkhoswe chake. Kauthenga kakafupi kamawu musakakhulupirire kwambiri, wakuba akhoza kutumiza kakale, ndipo masiku ano mawu a munthu amatha kukopedwa ndi makina. Kucheza kwa pompopompo, inu kufunsa iye kuyankha, ndiye kovuta kunamizira.

Pali mbali ina yowawa: nthawi zina uthenga wa ndalama umakhala woona, munthu wagwidwadi ndi achifwamba ndipo akumukakamiza kulemba. Pamenepo musakangane nawo kapena kuwaopseza. Pemphani kumva mawu ake, sungani zithunzi za mauthenga onse ndi manambala amene akupereka, ndipo muuze apolisi pogwiritsa ntchito foni ina.

Msuweni wanu akadzalembanso, muyankheni mwaulemu koma mosazungulira: "Ndaona. Kuli matenda kapena maliro? Ngati ayi, lembani nkhani yonse, ndiwerenga ndikaweruka." Funso limenelo limachotsa choopsa m'mphindi imodzi, ndipo limamuphunzitsa pang'onopang'ono kuti inu muli pantchito ya eni ake, simungasiye mwana wa abwana m'bafa chifukwa cha liwu limodzi. Tsiku lina muli pamtendere mumuuze kuti mtima wanu umadumpha akalemba choncho. Ambiri kumudzi sadziwa mmene ife a kuno timaopera foni yochokera kwathu.

Liwu lina limene anthu amalipeputsa ndi losapempha kanthu: "Pepani", "Tsalani", "Ndatopa", lofika usiku kuchokera kwa munthu amene ntchito yamuthera, ngongole zamupanikiza, kapena banja lasokonekera. Ameneyo ndiye muimbireni nthawi yomweyo, ndipo musaope kumufunsa molunjika ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Khalani naye pa foni mpaka wina afike pamene ali. Bungwe la SADAG lili ndi nambala yaulere ya nkhani zimenezi, 0800 567 567.

Koma pa zonse mwandiuza, uthenga umene ukundidetsa nkhawa kwambiri ndi wa m'mawa uja, "zatha, musadandaule". Nawonso ndi waufupi, nawonso walumpha moni, ndipo sukunena chimene chatha. Simunamve mawu ake. Simukudziwa ngati analemba yekha, kapena analemba wina ataima pambali. Kuntchito kwathu munthu akatiuza kuti "zonse zili bwino" batani litadinidwa, sitibweza galimoto mpaka atatchula mawu achinsinsi amene tinagwirizana kale, chifukwa munthu wolozedwa mpeni pakhosi amanenanso kuti zonse zili bwino. Inu mawu otero mulibe, ndiye nkhaniyi ikadali yotsegula.

Musaifunse pa foni. Tsiku lanu lopuma likafika mukaonane naye maso ndi maso, kutali ndi nyumba yake ndi mwamuna wake: potuluka kutchalitchi, kokagula zinthu, kapena mumuitane kuti adzakuthandizeni kusankha katundu wotumiza kumudzi. Muyang'aneni. Mmene akuyendera, mmene akunyamulira mwana, duku kapena juzi pa tsiku lotentha, foni yatsopano kapena yosweka, kapena kuti foni amasunga ndi bambo. Musayambe ndi kunyoza mlamu wanu, chifukwa mukatero amamuikira kumbuyo ndipo khomo limatsekeka. Nenani zimene munaona inu: "Unandilembera usiku uja, ndinachita mantha. Sindikukukakamiza kunena, koma ndikufuna ndidziwe chochita ukadzalembanso." Kenako khalani chete, mumulole. Mwina adzati mwana anatentha thupi, kapena kunja kunali zipolowe. Ngati ndi choncho, chabwino, mwapezabe mpata wolemba nambala ya woyandikana naye.

Anene asanene, gwirizanani mawu awiri. Loyamba likhale lotanthauza kuti tumizani munthu ndipo musaimbe. Likhale liwu wamba loti mwamuna akaliona asadabwe, koma loti inu awiri simulembelana wamba, monga "chitenje chobiriwira chija". Lachiwiri likhale lotsimikiza kuti alidi bwino ndipo akulemba yekha. Mugwirizanenso pasadakhale kuti loyambalo likafika muchite chiyani, muimbire ndani, apolisi muwaitane kapena muyambe mwatumiza woyandikana naye, kuti usikuwo musamadzifunse ngati adzakukwiyirani. Mawuwa musalemberane pa WhatsApp, muuzane pakamwa.

Akaulula kuti pali nkhanza, musathamangire kwa ankhoswe kumudzi iye asanavomere, chifukwa nkhani ikazungulira n'kubwerera kwa mwamuna, amene amalipira ndi mng'ono wanuyo usiku. Muuzeni kuti lamulo la nkhanza za m'banja la dziko lino, la 1998, limamulola kukapempha ku khoti la majisitireti chikalata choletsa mwamuna kumuzunza, kwaulere, ndipo sichifuna kuti akhale okwatirana ku boma kapena kutchalitchi. Pali nambala ya boma ya nkhani za nkhanza, 0800 428 428, imene angaimbe kapena mungaimbe inu kufunsa malangizo. Ndipo mupempheni kuti pasipoti yake, kadi ya kusikelo ya mwana ndi kandalama ka tekisi azisunge kwa inu kapena kwa mayi woyandikana naye uja, osati m'chikwama cha pansi pa bedi chimene mwamuna amachidziwa.